Mashati a chitenje pa Amazon: bwanji munthu akasaka yabuluu ikutuluka yofiira?

Nabanda (Kasungu boma): Odi kuno a pagulu, mwaswera bwanji. Ndabwera ndi vuto lomwe landisowetsa tulo sabata yonse. Bambo anga ndi telala pano pa boma, amasoka mashati achimuna a chitenje. Achimwene anga ali ku Joni, ndipo ndi iwo ali ndi akaunti yogulitsira pa Amazon ya ku South Africa. Mashatiwo timatumiza pa basi, iwo amasunga kunyumba kwawo ndi kumatumizira ogula. Ntchito yanga ndi ya pa laputopu, kulemba masamba a katunduyo.

Tili ndi makala atatu: yabuluu ya timizeremizere tozungulira, yofiira ya masamba, ndi yachikasu ya nkhanga. Iliyonse ili m'masaizi anayi, S, M, L ndi XL. Poyamba ndinaika shati iliyonse payokha, masamba 12. Kenako achimwene anati ndiziike pansi pa kholo limodzi kuti munthu azisankha kala ndi saizi pa tsamba limodzi. Ndinatero ndi fayilo ya Excel yomwe timakweza pa Amazon. Kuchokera pamenepo zinthu zasokonekera. Ndikasaka "african print shirt men blue" ikutuluka yofiira. Mashati awiri achikasu akuonekabe paokha ngati si a banjali. Ndipo pa malo osankhira saizi pali masaizi asanu m'malo mwa anayi. Ndalakwitsa pati?

Mayi a Tadala (Chinkhoma): Iii mwana wanga, inetu zimenezi ndinazisiya kalekale. Ndimangojambula mtundu uliwonse ndi kuika pa sitetasi, munthu akafuna amandiimbira. Ngati mitundu yakuchulukira, ika mashati patsamba lina, madiresi pena, zikwama pena. Osasakaniza.

Nabanda (Kasungu boma): Ayi mayi, sindikunena mitundu ya katundu. Zonse ndi mashati, kusoka kwake n'kumodzi. Chosiyana ndi kala ya nsalu ndi saizi basi.

Mayi a Tadala (Chinkhoma): Ooh, ndinamva molakwa. Pitirizani ana inu, ine ndizingowerenga.

Yamikani: Sisi, mukanangozisiya mmene zinalili. Masamba 12 ndiye kuti muli ndi mwayi 12 woonekera munthu akasaka. Mukaziphatikiza mumangotuluka kamodzi. Chotsani kholo limenelo mubwerere zakale, nkhani yatha.

aMwale (Santhe): Yamikani wanena zoona mbali imodzi, koma tisathamangire kugumula nyumba chifukwa denga likudontha pamodzi. Nabanda, ndisanayankhe ndikufuna ndione zinthu zitatu. Unditumizire mizere ingapo ya fayilo yako mmene unaikwezera, osakonza kanthu. Undiuzenso mutu womwe unalemba pa shati iliyonse, komanso ngati shati iliyonse ili ndi chithunzi chakechake.

Nabanda (Kasungu boma): Zikomo achimwene. Nayi mizere ina, ndachotsa zina zosafunika. SKU ndi dzina lachidule lomwe tinapatsa shati iliyonse:

```
SKU        Parentage  Parent SKU  Color   Size
KSU-SHATI  Parent
KSU-BL-M   Child      KSU-SHATI   Blue    M
KSU-RD-M   Child      KSU-SHATI   Red     Medium
KSU-YL-M   Child      KSU-SHATI   Yellow  M
KSU-YL-L   Child      KSU-SHAT1   Yellow  L
KSU-YL-XL  Child      KSU-SHAT1   Yellow  XL
```

Mutu ndinaika umodzi pa zonse, pa kholo ndi pa ana omwe: "African Print Shirt Men Blue Red Yellow S M L XL". Ndimaganiza kuti ndikatchula makala onse ndiye kuti aliyense wosaka azindipeza. Chithunzi ndi chimodzi, cha yofiira ija, chifukwa ndi yomwe inajambulika bwino. Zinazo tinajambula madzulo m'shopu magetsi atazima, zinada.

aMwale (Santhe): Basi, matenda onse atatu aoneka pomwepa, ndipo palibe lomwe likufuna kuti ugwetse kholo. Ndiyamba ndi lophweka.

Yang'ana mizere iwiri yomaliza. Kholo lako dzina lake ndi `KSU-SHATI`, lothera ndi chilembo I. Pa mashati awiri achikasu aja walemba `KSU-SHAT1`, lothera ndi nambala 1. Kwa iwe ndi ine zikuoneka zofanana, makamaka pa sikirini yaing'ono usiku. Kwa makina ndi maina awiri osiyana, ndipo kholo lotchedwa `KSU-SHAT1` kulibe. Ana awiriwo anatsala amasiye, n'chifukwa chake akuyenda okha mu zotsatira. Ukatsegula lipoti lomwe limabwera ukakweza fayilo, lija amati Processing Report, ndikukhulupirira upeza mizere iwiriyo ili ndi cholakwa chonena kuti kholo silikudziwika, kawirikawiri nambala yake imakhala 8007. Anthu ambiri lipotili saliwerenga. Amangoona kuti fayilo yalowa n'kutseka laputopu.

Ine dzina la kholo sindililemba kawiri ndi dzanja. Ndimalilemba kamodzi, kwina konse ndimakopera. Ngakhale kampata kamodzi kotsalira kumapeto kwa dzina kakhoza kukuvutitsa chimodzimodzi, ndipo kamenekako sikaoneka ndi maso.

Nabanda (Kasungu boma): Mayo ine! Ndatsegula lipoti lija, zilipodi, mizere iwiri yofiira. Ndinaliona tsiku lija koma ndinangoti mwina ndi zazing'ono.

aMwale (Santhe): Lachiwiri ndi saizi yachisanu ija. Pa yabuluu ndi yachikasu walemba `M`, pa yofiira walemba `Medium`. Tsamba likamasonkhanitsa masaizi a banja lonse limatenga mawu aliwonse osiyana ngati saizi ina. Ndiye wogula akuona S, M, Medium, L, XL. Choipa kwambiri si kuoneka kwake ayi. Munthu akasankha M, yofiira imazimirira ngati yatha. Akasankha Medium, yabuluu ndi yachikasu zimazimirira. Munthu wofuna yofiira ya M, yomwe ili m'katoni kwa achimwene ako, amachoka poganiza kuti mulibe. Sankha kalembedwe kamodzi pa ana onse 12. Ndiponso mafayilo a zovala ali ndi malo akeake a saizi, momwe umasankha dongosolo la masaizi, kenako kuti ndi a zilembo, pamene pamalembedwa `Alpha`, kenako saizi yeniyeniyo. Pamenepo usalembe za m'mutu mwako, tenga zomwe zili pa tsamba la `Valid Values` m'fayilo momwemo.

aPhiri Telala (Chamama): Ndilowererepo pang'ono ngati munthu wa makina osokera. Mwana wanga, M wa bambo ako ndi M wa ku Joni ndi chimodzi? Ife kuno timayeza munthu ndi tepi, chifuwa chakuti, mapewa akuti. Zilembozi tinangozitengera pa kaunjika, ndipo pa kaunjika pomwepo M wina amakwana mnyamata, M wina amakwana ine ndi mimba yangayi. Mukakonza zilembo pa kompyuta koma shati yabuluu ya M ndi yofiira ya M n'zosiyana pachifuwa, zidzabwerera ndithu.

Nabanda (Kasungu boma): Agogo mwalasa. Bambo amadula ndi patani ya katoni, koma ya M ilipo iwiri, ina yakale yong'ambika m'mbali. Ndiwauza atayepo imodzi.

aMwale (Santhe): Zimene anena aPhiri n'zofunika kuposa mmene zikumvekera. Ukaika ana pansi pa kholo limodzi ukulonjeza wogula kuti shati ndi imodzimodzi, kusiyana kala ndi kukula kokha. Yezani chifuwa ndi kutalika kwa saizi iliyonse m'masentimita, muike tebulo limenelo ngati chimodzi mwa zithunzi pa mwana aliyense.

Tsopano tibwere pa vuto lalikulu, la yofiira yotuluka munthu atasaka yabuluu. Apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe anthu ambiri samvetsa mmene kholo limagwirira ntchito.

Kholo si katundu. Silikhala ndi mtengo, silikhala ndi sitoko, palibe angaligule. Lili ngati dzina la mfunda, loti ana onse azidziwika kuti ndi amodzi. Zomwe zimagulidwa, ndiponso zomwe zimatuluka munthu akasaka, ndi anawo. Wogula akalemba mawu ake, makina amayang'ana m'banjamo n'kusankha mwana woti aimirire banja lonse, ndipo nthawi zambiri amaonetsa mmodzi yekha. Amasankha poona kuti mawu a wosakayo akugwirizana ndi mwana uti, ndiponso kuti ndi mwana uti yemwe wakhala akugulidwa ndipo alipo m'sitoko.

Ndiye taganiza zomwe iwe wachita. Mwana aliyense mwa ana 12 akunena kuti ndine Blue, ndine Red, ndine Yellow, ndine S mpaka XL. Munthu walemba "blue". Makina akuyang'ana, ana onse akweza dzanja. Popeza mawu sakuwasiyanitsa, chotsala ndi kuona amene amagulidwa kwambiri. Ndifunse, ndi iti yomwe yayenda kwambiri?

Nabanda (Kasungu boma): Yofiira ya L. Ndi yomwe achimwene amati tiwonjezere nthawi zonse.

aMwale (Santhe): Ndi imeneyotu ikukutulukira. Ndipo ngakhale makina atasankha mwana wabuluu molondola, ukanaonabe yofiira, chifukwa chithunzi chofiira unachipachika pa aliyense. Ndiye panopa sungadziwe n'komwe kuti akutuluka ndi ndani pokhapokha utadina n'kuona kala yomwe yasankhidwa. Matenda awiri abisalirana.

Mankhwala ake ndi akuti kholo lisatchule kala kapena saizi iliyonse, ndipo mwana aliyense azinena za iye yekha. Chonchi:

```
Parent: Men's African Print Short Sleeve Shirt
Child:  Men's African Print Short Sleeve Shirt, Blue Circles, M
Child:  Men's African Print Short Sleeve Shirt, Red Leaves, L
```

Waona kuti chiyambi n'chimodzi pa onse, chosintha ndi kumchira kokha. Chimodzimodzi pa mawu obisika osakira aja, pa `Generic Keywords` kapena `Search Terms` malinga ndi fayilo yako. Pa mwana wabuluu ukhoza kuika "navy" ngati buluu wake ndi woderako, koma "red" asapezekemo. Yang'ananso mu timizere tofotokozera katundu tija. Ngati munalembedwa kuti ikupezeka mu blue, red ndi yellow, chotsa, chifukwa mawu amenewonso amawerengedwa, ndipo wogula akuona kale makalawo pa tizithunzi tosankhira.

Yamikani: Koma akulu, apa simukuvomereza zomwe ndinanena? Mwanena nokha kuti banja limatuluka kamodzi. Ine ndinagulitsapo makesi a foni kudzera kwa msuweni wanga, tinaika kala iliyonse payokha ndipo tsamba loyamba tinkaonekapo katatu. Katatu ndi kamodzi chabwino n'chiti?

aMwale (Santhe): Pa makala uli ndi mfundo, ndipo ndibwererapo. Pa masaizi ulibe. Taganiza munthu wovala L wasaka, waona shati yachikasu ya nkhanga, waikonda, wadina, wapeza kuti tsambalo ndi la S yokha ndipo palibe posinthira. Sabwerera kukasaka L yako. Amadina ya munthu wina. Ndipo mashati anayi ofanana ndendende pa chithunzi akandandalikana mu zotsatira, wogula sadziwa kusiyana kwake, ena amangodina yoyamba n'kugula saizi yolakwika. Chinanso ndi ndemanga za ogula. Pa zovala zosiyana kala ndi saizi zokha, ndemanga zimaonekera pamodzi pa banja lonse. Ndemanga zisanu ndi imodzi pa tsamba limodzi zimakopa munthu, koma zomwezo zitamwazikana pa masamba 12, ambiri amakhala opanda ngakhale imodzi.

Yamikani: Za masaizi ndavomera. Za makala sindinagonje.

Kondwani (Mtunthama): Pepani ndilowetse yanga, mwina ikugwirizana. Ine sindili pa Amazon, ndili ndi kawebusayiti kanga ka WooCommerce komwe ndimagulitsa mayunifolomu ndi majuzi a sukulu. Ndinapanga `Variable product`, makala awiri, masaizi asanu ndi limodzi. Pa webusayiti pali bwino, koma ndikatumiza katundu ku Google Merchant Center, komwe Google imatenga katundu woonetsa anthu osaka, juzi iliyonse imaoneka ngati chinthu chachilendo kwa inzake. Ndi matenda omwewa?

aMwale (Santhe): Ndi apachibale. Kumeneko kulibe mzere wa kholo ngati wa Nabanda. Chomwe chimamanga banja ndi `item_group_id`, yomwe iyenera kukhala yofanana pa majuzi onse a mtundu umodzi, pamene `id` ikhale yosiyana pa iliyonse, ndipo `color` ndi `size` zidzazidwe pa mzere uliwonse. Onanso kuti linki ya juzi yobiriwira ikutsegula tsamba yobiriwirayo itasankhidwa kale. Koma tsegula nkhani yakoyako Kondwani, tingasokoneze ya mlongo wathuyu.

Kondwani (Mtunthama): Chabwino akulu, ndiyambitsa ina madzulo.

Nabanda (Kasungu boma): Achimwene aMwale, pali china chikundivuta pa kala. Chitenjetu si kala imodzi. Yomwe tikuti yabuluu ili ndi zoyera ndi tachikasu pang'ono. Ya nkhanga ija theka ndi yakuda. Mnzanga wina anandiuza kuti zitenje zonse ndizilemba `Multicolor`. Nditero?

aMwale (Santhe): Mnzakoyo akunena za malo ena, iwe ukuganiza za malo ena. Malo a kala alipo awiri. Oyamba ndi dzina la kala, lomwe umalemba wekha ndipo wogula amaliwerenga posankha, mu mafayilo akale ndi `color_name`. Achiwiri ndi `color_map`, pomwe umasankha pa mndandanda wa makala ochepa omwe anaikiratu, ndipo amenewa ndi omwe amathandiza munthu akamasefa zotsatira ndi kala.

Ukalemba `Multicolor` pa dzina la kala pa mashati onse, wapha banja. Mwana wabuluu wa M ndi mwana wofiira wa M onse akhala Multicolor, M. Ana awiri m'banja limodzi saloledwa kufanana kala ndi saizi yomwe, ndiye mmodzi akanidwa kapena sadzaoneka posankha. Choncho dzina likhale losiyana pa nsalu iliyonse: Blue Circles, Red Leaves, Yellow Guinea Fowl. Ndipo ulilembe chimodzimodzi pa masaizi onse anayi, osati pena Blue Circles pena Blue circle, ungabwezerenso vuto la Medium lija ku mbali ya makala.

Pa `color_map` ine ndimatsata diso. Imika shatiyo patali mamita asanu, ufunse mwana wodutsa kuti ndi kala yanji. Akati yabuluu, ika Blue. `Multicolor` isungire nsalu yomwe ngakhale iwe sungathe kunena kuti yalamulira ndi kala iti. Chifukwa chake n'chakuti anthu amasefa ndi blue kapena red, ochepa kwambiri amakadina pa makala osakaniza.

Mayi a Tadala (Chinkhoma): Ya nkhangayo mwana wodutsa adzati ndi yankhanga, sadzatchula kala, kkkk.

aPhiri Telala (Chamama): Ine funso langa ndi la nsalu. Aliyense wogula zitenje akudziwa kuti patani ukaipeza lero, mwezi wamawa kulibe. Upite ku Lilongwe, uzungulire mashopu onse, akuuza kuti inatha, yabwera ina yofananako. Ndiye yabuluu ya timizereyo ikatha, mwanayu atani ndi ana ake anayi abuluuwo? Sangangosintha chithunzi n'kuika yabuluu yatsopano pomwepo?

Nabanda (Kasungu boma): Agogo mwandiwerenga maganizo. Yabuluuyo yatsala mipukutu iwiri yokha, ndipo ndimafuna kuchita zomwezo kuti ndisavutike.

aMwale (Santhe): Usayerekeze. Mwana aliyense ali ndi nambala yake ya ASIN yomwe Amazon imapereka, ndipo nambalayo ndi ya chinthu chimenecho basi. Kusintha chithunzi ndi dzina kuti ASIN yakale ikhale ya nsalu ina n'koletsedwa ndi malamulo awo, ndipo amene angavutike ndi achimwene ako chifukwa akaunti ndi yawo. Kupatula malamulo, pali zovuta zooneka ndi maso. Munthu amene anagula ya timizere akadina kuti agulenso, alandira nsalu ina. Ndemanga yonena kuti timizere take ndi tokongola ikhala pansi pa shati ya maluwa.

Nsalu ikatha, ika sitoko ya ana anayiwo pa 0 n'kuwasiya. Osawafufuta, chifukwa patani zina zimabweranso pakapita miyezi. Nsalu yatsopano ipangire ana anayi atsopano, ma SKU atsopano, dzina latsopano monga Blue Flowers, pansi pa kholo lomwe lija. N'chifukwa chakenso ndimakana dzina longoti Blue. Tsiku lomwe udzapeze buluu wachiwiri udzasowa pomuika. SKU nayonso, ya ana atsopanowo ukhoza kuilemba ngati `KSU-BLFL-M` kuti achimwene ako akamatenga m'katoni asasokoneze. Ma SKU akalewo asiye mmene alili, dzina la SKU silisinthika pokhapokha utapanga ina.

Kumbukiranso kuti mwana aliyense watsopano amafuna bakodi yakeyake, pokhapokha ngati akauntiyo inapatsidwa chilolezo chogulitsa popanda bakodi, chomwe amati GTIN exemption. Kholo silifuna bakodi.

Nabanda (Kasungu boma): Chilolezocho achimwene anatenga kale. Ndiye ndiyambire pati? Ndikuopa kukweza fayilo n'kufufuta zomwe zili bwino. Ndinamva kuti wina anakweza fayilo zofotokoza zake zonse n'kuzimiririka.

aMwale (Santhe): Zimachitika ukasankha kukonza konse pamene malo ena wawasiya opanda kanthu, chifukwa akatero amatenga kuti ukufuna malowo akhale opanda kanthu. Iwe sankha kukonza pang'ono. Mu mafayilo akale ndi `PartialUpdate`, mu atsopano pamalembedwa `Edit (Partial Update)`. Ndipo usakonze zonse tsiku limodzi, chifukwa china chikalakwika sudzadziwa chayambitsa n'chiti.

Lero bweza amasiye awiri aja kwa kholo lawo ndi kukonza Medium akhale M. Uonetsetse kuti `Variation Theme`, malo onena kuti anawo akusiyana pa kala ndi saizi, ndi imodzimodzi pa mizere yonse 13, kholo ndi ana, ndiponso dzina la bulandi ndi gulu la katundu n'zofanana, chifukwa mwana wosiyana bulandi ndi abale ake amakanidwa. Werenga lipoti. Udikire, nthawi zina zimaoneka pa mphindi zochepa, nthawi zina mpaka mawa lake. Zikakhazikika, ubwere ku mitu, maina a makala ndi mawu osakira. Zithunzi ukhoza kuika tsiku lililonse zikapezeka, koma usachedwe nazo.

Za zithunzizo, sufunika 12 zosiyana. Zitatu zikuluzikulu zakwana, chimodzi pa kala iliyonse, n'kuchiika pa masaizi onse anayi a kala imeneyo. Chithunzi choyamba amafuna kumbuyo kukhale koyera mbee. Jambulani panja pamthunzi cha m'ma 9 koloko m'mawa, osati padzuwa lenileni chifukwa buluu amaoneka wotuwa, kenako kumbuyoko muyeretse pa foni kapena pa laputopu. Yerekeza chithunzicho ndi shati ili m'manja musanachikweze.

Nabanda (Kasungu boma): Ndabweranso a pagulu, papita masiku atatu. Amasiye aja abwerera kwawo, masaizi tsopano ndi anayi. Zithunzi tinajambula kuseri kwa shopu, mng'ono wanga atagwira hang'ala pa khoma, anthu odutsa kupita ku depoti akutiseka. Mitu ndinasintha dzulo. Koma ndikasaka "african print shirt men blue" pa foni yanga ikubwerabe yofiira! Ndatopa nazo.

aMwale (Santhe): Usayese pa foni yomwe wakhala ukudina yofiirayo sabata yonse utalowa mu akaunti. Tsegula zenera lachinsinsi la bulawuza, usalowe mu akaunti, ndipo malo otumizira katundu uike a ku South Africa. Kenako chita kayeso aka. Tenga ASIN ya mwana wofiira wa L, uilembe posakira pamodzi ndi mawu akuti blue. Ikatuluka, ndiye kuti mwina mawu akuti blue akadali penapake pa mwana ameneyo, kapena zosintha zako sizinalowe bwino. Tsegula mwana ameneyo mu Seller Central, tsamba la Amazon la ogulitsa, uyang'ane malo onse.

Nabanda (Kasungu boma): Ndapeza! Mu mawu obisika a ana ofiira munatsala "blue yellow". Ndinakonza mitu yokha, kumeneko ndinaiwala. Ndachotsa. M'mawa uno pa zenera lachinsinsi yatuluka yabuluu, chithunzi chabuluu, ndikadina yasankhidwa kale Blue Circles. Koma ndikasaka popanda kutchula kala ikubwera yofiira yokha, zinazo osaoneka.

aMwale (Santhe): Pamenepo palibe cholakwika. Munthu sanatchule kala, banja latumiza mwana wake wamphamvu. Zinazo akaziona akalowa.

Yamikani: Ndi pamene ndimanena paja! Ya nkhanga ija ndi yokongola kuposa zonse, koma munthu wongosaka "african shirt" sadzaiona, adzaona yofiira n'kudutsa ngati sakonda zofiira. Bwanji osapanga makolo atatu, patani iliyonse kholo lake, pansi pake masaizi okha? Mukatero muli ndi nkhope zitatu mu zotsatira, ndipo vuto la saizi lija palibe.

aMwale (Santhe): Imeneyo si nzeru yoipa, ndipo pa zitenje ndimaiganizira kwambiri, chifukwa munthu sagula buluu, amagula patani. Mtengo wake ndi wakuti ndemanga ndi mbiri ya malonda zigawika patatu, ndipo wolowa pa yofiira saona kuti pali ya nkhanga. Kwa munthu woyamba kumene, wa ndemanga zowerengeka, ine ndingasiye banja limodzi. Mapatani akadzafika khumi kapena kuposa, tsamba limodzi limasanduka msika wa Lachiwiri, pamenepo ndingagawe. Koma ukadzafuna kutero Nabanda, usasinthe `Variation Theme` pa kholo lomwe lilipo, kawirikawiri sizitheka bwino. Umafufuta kholo lokha, ana amatsala ali paokha ndi ma ASIN awo, kenako umapanga makolo atsopano n'kuwalumikiza. Mwana mmodzi sangakhale ndi makolo awiri, ukayesa kumupatsa latsopano lakale lisanamusiye akukanira.

Yamikani: Ine ndikanagawa lero lomwe. Ndemanga zimabwera anthu akaona katundu, ndipo sangaone zomwe zabisala kuseri kwa yofiira.

aPhiri Telala (Chamama): Mwana wanga, ya nkhangayo mwatsala ndi nsalu yochuluka bwanji? Musakangane za kholo lake pamene nsalu ndi ya mashati asanu.

Nabanda (Kasungu boma): Kkkk agogo, ndafunsa bambo, akuti ikwana mashati 14, ndipo kumene anaigula sakudziwa ngati iliko. Ndiisiya kaye m'banja momwemo mpaka katundu wa mwezi uno afike ku Joni, ndione ngati yachikasu iyamba kuyenda tsopano poti ili ndi chithunzi chake. Achimwene aMwale, XL yachikasu yatsala imodzi, ikagulidwa ndingoika 0 eti, osakhudza china?

aMwale (Santhe): Ikagulidwa idzatsika yokha kufika pa 0. Iwe ungouza achimwene ako kuti katoni yatsopano ikafika awerenge saizi ndi saizi asanakutumizire manambala, ndipo pepala la SKU mulimate pa pulasitiki ya shati iliyonse isanakwere basi.